Mizere inayi yokha ya pangano la Versailles

Mwana wa achemwali anga ali Fomu 4 chaka chino. Loweruka lapitali anabwera kwathu ndi kope la Histole, n'kulitsegula pa mpasa pakhonde asanamwe n'komwe tiyi amene anamuikira. Pa tsambalo panali funso lalifupi la malikisi anayi, ndipo iye anapezapo imodzi. Funsolo linali m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, koma tanthauzo lake ndi lakuti: fotokozani zotsatira ziwiri za pangano la Versailles pa dziko la Jeremani.

"Amalume, zonse ndalembazi n'zoona. Ndiye andidyera malikisi chifukwa chiyani?"

Ndinawerenga. Analemba kuti asilikali a Jeremani anachepetsedwa kufika pa 100,000. Analembanso kuti Jeremani inalamulidwa kulipira mapaundi mabiliyoni 6.6. Pansi pake anawonjezera chiganizo chimodzi, chakuti panganoli linayambitsa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Manambala ake analondola, ndipo ndinaona kuti mwanayu anawerengadi. Koma ine ndaphunzitsa phunziroli ku sekondale kwa zaka zambiri, ndipo yankho lotereli ndalichongapo kambirimbiri. Vuto lake si ulesi. Vuto ndi lakuti mwana waloweza zimene zinalembedwa m'pangano, koma funso likufuna zimene zinachitika chifukwa cha panganolo. Zimenezi n'zinthu ziwiri zosiyana, ndipo amene wazisiyanitsa wamvetsa mutu wonse.

Ndinamufunsa za mlandu wa kwa amfumu. Ng'ombe za munthu zadya chimanga m'munda wa mnzake, bwalo lagamula kuti alipe mbuzi zitatu. Mbuzi zitatuzo ndi chigamulo. Koma munthu uja akagulitsa njinga kuti apeze mbuzizo, mwana wake n'kusiya sukulu, mabanja awiriwo n'kuleka kuyenderana pa maliro, zimenezo ndiye zotsatira. Anangoti, "Ohoo," n'kutenga cholembera.

Tinayambira pa chigamulo chenichenicho, mwachidule, chifukwa anali akuchidziwa kale. Mfuti za nkhondo yoyamba ya dziko lonse zinaleka kulira pa 11 Novembala 1918. Panganolo linasainidwa pa 28 Juni 1919 m'nyumba yachifumu ya ku Versailles kufupi ndi Paris, patatha zaka zisanu ndendende chiphedwere Franz Ferdinand ku Sarajevo, imfa imene inayatsa nkhondoyo. Amene anali ndi mawu aakulu anali atatu: Clemenceau wa ku Falansa, Lloyd George wa ku Biriteni ndi Wilson wa ku Amereka. Ajeremani sanakhale nawo pa zokambiranazo. Anangopatsidwa chikalata, n'kuloledwa kudandaula polemba, kenako n'kuuzidwa kuti asaine kapena nkhondo iyambirenso. Anataya dera la Alsace-Lorraine kupita ku Falansa, madera akum'mawa kupita ku Polandi, ndi mayiko onse amene ankawalamulira kunja. Analetsedwa kukhala ndi ndege zankhondo, akasinja ndi sitima zoyenda pansi pa madzi. Dera la Rhineland linayenera kukhala lopanda msilikali wa Jeremani. Ndime 231 inati Jeremani ndi anzake ndiwo anachititsa chiwonongeko cha nkhondoyo, ndipo pa ndime imeneyi m'pamene panatsamira nkhani ya chipukuta misozi.

Chinthu chimodzi chimene ana ambiri sachidziwa n'chakuti ndalama ija, mapaundi mabiliyoni 6.6, sinalembedwe m'pangano la 1919. Atsogoleri aja analephera kugwirizana kuchuluka kwake, ndiye anasiyira komiti, ndipo komitiyo inadzalengeza mu 1921 kuti ndi mamaki agolide mabiliyoni 132 m'ndalama ya Jeremani, omwe ndi mapaundi aja. Ajeremani anasaina ngongole asakudziwa kukula kwake. Ndinamuuza kuti akalemba chaka, alembe 1921.

Tsopano zotsatira. Ndimawauza ana anga kuti pa funso la malikisi anayi asankhe zotsatira zimene angathe kuzitsata phazi ndi phazi kuchokera pa panganolo, popanda kudumpha. Chotsatira chimene chimatsatika bwino kuposa zonse ndi cha 1923, ndipo apa tinakhalitsapo mpaka tiyi anazizira.

Chipukuta misozi sichinkalipidwa ndi ndalama zokha. Mbali ina inkaperekedwa ngati katundu, makamaka malasha ndi matabwa, chifukwa asilikali a Jeremani anali atawononga migodi ya malasha ya kumpoto kwa Falansa. Kumapeto kwa 1922 komiti ija inagamula kuti Jeremani yalephera kupereka matabwa okwanira, kuphatikizapo mitengo yoimikira mawaya a telegalafu, ndipo mu Januwale 1923 inatinso malasha aperewera. Mtsogoleri wa boma la Falansa pa nthawiyo, Poincaré, sanafune kumva zambiri. Pa 11 Januwale 1923 asilikali a Falansa ndi Beljiyamu analowa m'dera la Ruhr, kumene kunali migodi ndi mafakitale aakulu a zitsulo a Jeremani, kuti akadzitengere okha malashawo.

Boma la Jeremani linalibe asilikali oti n'kulimbana nawo, ndipo apa m'pamene nambala ya 100,000 ija imagwira ntchito mu yankho. Linauza anthu a ku Ruhr kuti anyanyale ntchito, asakumbe malasha, asayendetse sitima, asamvere lamulo la mlendo. Anthu anamvera. Koma wonyanyala ntchito amadya, ana ake amadyanso, ndipo boma linalonjeza kuti liziwalipira. Ndalamazo lizitenga kuti, pamene dera lomwe limabweretsa msonkho wambiri laima? Linangoyamba kusindikiza. Makina osindikizira ndalama ankagwira usana ndi usiku, ndipo mapepala ena ankasindikizidwa mbali imodzi yokha kuti atuluke msanga.

Ndinamulembera manambala atatu pa chikuto cha kope lake. Mu 1914 dola imodzi ya Amereka inkagula mamaki 4.2. Mu Januwale 1923 inkagula mamaki pafupifupi 18,000. Pofika Novembala chaka chomwecho inkagula mamaki mathiriliyoni 4.2. Anawerenga maziro ake ndi chala, n'kubwerezanso. Buledi mmodzi ku Berlin anafika pa mamaki pafupifupi mabiliyoni 200. Antchito ankalandira malipiro tsiku lililonse n'kuthamangira ku sitolo mitengo ya zinthu isanakwere madzulo. Amene anavutika koposa sanali osauka enieni, omwe analibe kale choti asunge, komanso sanali eni mafakitale, omwe ngongole zawo zinasungunuka. Anali aphunzitsi, makalaliki, opuma ntchito, amasiye, anthu amene anasunga pang'onopang'ono ku banki moyo wawo wonse ndipo tsiku lina anapeza kuti zonsezo sizingagule mtanda wa sopo. Ine zimenezi zimandikhudza, chifukwa anthu amenewo ankachita ndendende zimene timalangiza ana athu, kusunga ndi kudikira, ndipo ndi iwowo amene anasiyidwa manja ali m'khosi. Ambiri sanadzalikhulupirirenso boma la demokalase limene linali litangobadwa kumene.

Komabe taonani nambala yapakati ija. Asilikali a Falansa asanaponde ku Ruhr, maki inali itagwa kale kuchoka pa 4.2 kufika m'masauzande. Kugwako kunayamba nthawi ya nkhondo, chifukwa boma la Kaiser, mfumu ya Jeremani, linasankha kumenya nkhondo ndi ngongole m'malo mokweza misonkho, poganiza kuti likapambana ogonjawo adzalipira. Ndiye mwana akalemba kuti pangano la Versailles lokha ndilo linapha ndalama ya Jeremani, walemba zopitirira. Cholondola n'chakuti chipukuta misozi chinawonjezera katundu pa ndalama yodwala kale, ndipo mkangano wa ku Ruhr ndiwo unaimaliza. Pa funso lalifupi simufunika kufotokoza zonsezi. Mumangosankha mawu oona. M'malo moti "linayambitsa", mumati "linakulitsa", ndipo mwakhoza popanda kunama.

Chotsatira chachiwiri chimene tinasankha ndi cha ndale za m'dzikomo. Anthu amene anasaina panganolo sanali amene anayambitsa nkhondo. Kaiser Wilhelm anali atathawira ku Holandi mu Novembala 1918, akuluakulu a asilikali anali atabwerera m'mbuyo mwakachetechete, ndipo cholembera chinagwera m'manja mwa andale wamba a boma latsopano, lomwe timalitchula kuti la Weimar. Mtsogoleri wa boma, Scheidemann, anatula pansi udindo pokana kusaina, koma amene anamulowa m'malo analibe kothawira. Ajeremani ambiri anali asanaone msilikali wa adani m'midzi yawo nkhondo yonseyo, ndipo nyuzipepala zinkawauza kuti akupambana mpaka miyezi yomaliza. Choncho bodza lakuti asilikali sanagonje koma anabayidwa kumsana ndi andale a kwawo komwe linamera msanga. Panganolo ankalitchula kuti Diktat, kutanthauza chinthu chokakamizidwa.

Mkwiyo umenewu sunathere pakamwa. Mu Malichi 1920 magulu a asilikali amene amayenera kuchotsedwa ntchito potsatira panganolo analanda mzinda wa Berlin kwa masiku angapo, pa chipanduko chodziwika ndi dzina la Kapp, ndipo chinalephera chifukwa antchito ananyanyala ntchito dziko lonse. Mu 1921 Matthias Erzberger, amene anasaina chikalata choletsa nkhondo mu 1918, anawomberedwa. Mu 1922 nduna yoona za kunja, Walther Rathenau, inaphedwanso. Izi n'zotsatira zogwirika, zokhala ndi chaka ndi dzina, ndipo chimodzi chokha mwa izo chimakwanira kulimbitsa mfundo.

Kenako tinafika pa chiganizo chake chomaliza, chija chakuti panganoli linayambitsa nkhondo yachiwiri. Apa anandikanira.

"Koma amalume, m'manotsi mwalembedwa choncho. Aliyense m'kalasi amalemba choncho."

Ndikudziwa, ndipo sindikunena kuti palibe ulusi wolumikiza 1919 ndi 1939. Ulipo. Koma pakati pake pali zaka 20, ndipo m'zaka zimenezo muli nambala imodzi imene ndimafuna mwana aliyense wa Histole aidziwe. Pa chisankho cha 1928, chipani cha Hitler cha Nazi chinapeza mavoti 2.6 peresenti, mipando 12 yokha m'nyumba ya malamulo. Pamenepo panganolo linali litakhala zaka zisanu ndi zinayi. Hitler anali akulitukwana pa msonkhano uliwonse kuyambira pachiyambi, anali atayesa kulanda boma ku Munich mu Novembala 1923 n'kumangidwa, ndipo anthu 97 pa 100 alionse ankavotera ena. Ngati panganolo palokha likanakhala lokwanira kumukweza, akanakwera kale.

Chinachitika n'chakuti pakati pa 1924 ndi 1929 zinthu zinayamba kuwongoka. Mtsogoleri watsopano wa boma, Gustav Stresemann, anathetsa kunyanyala kwa ku Ruhr mu Sepitembala 1923. Ndalama yatsopano, Rentenmark, inatuluka mu Novembala, imodzi kusinthana ndi mamaki akale thiriliyoni imodzi. Dongosolo la Dawes la 1924 linachepetsa zolipira pachaka n'kubweretsa ngongole, yambiri yochokera ku Amereka. Mu 1925 ku Locarno Jeremani inavomereza mwa kufuna kwake malire ake ndi Falansa ndi Beljiyamu, ndipo mu 1926 inalowa m'bungwe losungitsa mtendere pakati pa mayiko la League of Nations. Chilonda chinali chikupola, ngakhale chipsera chinalipo.

Chimene chinatsegulanso chilondacho ndi kugwa kwa chuma kumene kunayambira ku New York mu Okutobala 1929. Amereka anaitanitsa ngongole zawo, mafakitale a Jeremani anatsekedwa, ndipo pofika 1932 anthu pafupifupi mamiliyoni 6 analibe ntchito. Mavoti a Nazi anakwera kufika pa 18 peresenti mu 1930 ndi 37 peresenti mu Julayi 1932. Ndipo onani izi: chaka chomwecho cha 1932, pa msonkhano wa ku Lausanne, chipukuta misozi chinangotsala pang'ono kufafanizidwa chonse, ndipo asilikali a mayiko opambana anali atachoka kale ku Rhineland mu 1930, zaka zisanu nthawi yake isanakwane. Hitler analowa m'boma pa 30 Januwale 1933 pamene zolemetsa zambiri za panganolo zinali zitachotsedwa kale. Chimene panganolo linamupatsa ndi nkhani yoti azikamba kwa anthu anjala, dzina la mdani, ndi madandaulo okonzeka kale. Limeneli ndi gawo lalikulu, sindikulichepetsa. Koma njala ija inachokera kwina.

Pali mbali inanso imene manotsi ambiri amaidumpha. Opambana aja sanagwirizane kuteteza chimene analemba. Nyumba ya Seneti ya ku Amereka inakana kuvomereza panganolo, ndiye dziko la Wilson, amene analimbikira kwambiri za League of Nations, silinalowemo. Biriteni inayamba msanga kuona ngati Ajeremani anawalakwira. Falansa inatsala yokha ndi mantha ake. Choncho pamene Hitler anabwezeretsa usilikali wokakamiza mu 1935, n'kulowetsa asilikali ku Rhineland mu Malichi 1936, palibe anamuletsa. Ine maganizo anga ndi akuti panganoli linali lowawa mokwanira kukwiyitsa Ajeremani, koma linawasiya ndi anthu ambiri ndi mafakitale ambiri kuposa Falansa, ndipo eni ake analibe mtima woliimirira. Ndimawakumbutsanso ana kuti Ajeremani omwewo, mu Malichi 1918, anali atakakamiza Rasha kusaina pangano la Brest-Litovsk, lomwe linalanda madera aakulu kwambiri kuposa amene iwo anadzataya. Sindinena izi kuti ndiikire kumbuyo Clemenceau. Ndimanena kuti mwana asalembe ngati Jeremani inali mwanawankhosa.

Ndiye chiganizo chija chikonzedwe bwanji? Ndinamuuza kuti akafuna kuchisunga, achipatse miyendo. Alembe kuti mkwiyo wa anthu pa panganolo unapatsa Hitler mfundo yokopera mavoti pamene chuma chinagwa pambuyo pa 1929, ndipo atalowa m'boma anayamba kuphwanya ndime zake, zomwe zinathandiza kufikitsa ku nkhondo ya 1939. Motero chiganizocho chili ndi chiyambi, njira ndi mathero, ndipo wochonga akuona kuti mwanayu akudziwa podutsa.

Ndinamuchenjezanso za kuwerenga funso mpaka kumapeto. Lake linati "pa dziko la Jeremani". Likanati "pa Afirika", yankho likanakhala lina, ndipo likanatifika pafupi. Kutsidya kwa mtsinje wa Songwe kunali dziko la Ajeremani. Mu Sepitembala 1914 asilikali awo anaukira Karonga, ndipo manda a nkhondo imeneyo alipo mpaka lero. Amuna ambirimbiri a dziko lino anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ntchito ija agogo athu ankaitchula kuti mtengatenga, ndipo ambiri sanabwerere. Nkhondo itatha, dziko la kutsidyalo linaperekedwa kwa Biriteni n'kutchedwa Tanganyika, Rwanda ndi Burundi anapita kwa Beljiyamu, kachigawo ka Kionga kanawonjezedwa ku Mozambiki wa Apwitikizi, ndipo dziko lomwe lero ndi Namibia linaperekedwa kwa South Africa, imene sinalisiye mpaka 1990. Wilson ankalalikira kuti mtundu uliwonse uzidzisankhira woulamulira, koma palibe anafunsa munthu wa ku Tukuyu kapena wa ku Windhoek. Mfundo imeneyi imandipweteka nthawi zonse ndikamaphunzitsa, ndipo ndimaikamba m'kalasi ngakhale isabwere pa mayeso. Koma pa funso la mwanayu sikanamupatsa malikisi, chifukwa ikuyankha zimene sanafunsidwe.

Njira yodziyesera ndi yosavuta, ndipo ndinamupatsa kuti aziigwiritsa ntchito yekha. Ukalemba chiganizo, dzifunse ngati chikanatha kuwerengedwa m'chikalata chija pa tsiku losaina. Ngati chikanatha, ndiye kuti walemba chigamulo, ndipo uyenera kupitiriza ndi mawu akuti "zimenezi zinachititsa kuti". Ukalembanso chotsatira, yang'ana zaka zimene zili pakati pa panganolo ndi chotsatiracho. Zikakhala zinayi, ngati 1923, chiganizo chimodzi chimalumikiza. Zikakhala 20, pakufunika mlatho, ndipo ngati mizere yakuchepera, sankha chotsatira chapafupi.

Anang'amba pepala pakati pa kope n'kulembanso, ine ndikuyang'ana nkhuku zimene zinkatola nyenyeswa za chigumu pansi pa khonde. Zinamutengera mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinamuuza kuti pa mayeso afunika kutsitsa kufika pa zisanu. Zimene analemba, ndikazitembenuza m'Chichewa, zinali izi:

"Choyamba, panganoli linakulitsa mavuto a chuma ku Jeremani. Dzikolo litalephera kupereka malasha ndi matabwa a chipukuta misozi, Falansa ndi Beljiyamu analanda dera la Ruhr mu 1923, boma linasindikiza ndalama zolipirira onyanyala ntchito, ndipo maki inatheratu mphamvu. Chachiwiri, linafooketsa boma latsopano la Weimar. Anthu ambiri ankaona andale amene anasaina ngati ogulitsa dziko, zomwe zinabweretsa chipanduko cha Kapp mu 1920 ndi kuphedwa kwa atsogoleri monga Erzberger."

Ndinamuchongera malikisi anayi ndi cholembera changa chofiira. Anayang'ana pepalalo kanthawi, kenako anafunsa ngati nambala ya 100,000 ija aitaye, popeza anavutika kuiloweza. Ndinati ayi, aisunge, tsiku lina funso lidzati tchulani zimene panganolo linalamula, ndipo pamenepo idzamudyetsa. Anatsegula tsamba lotsatira, pomwe panali funso la League of Nations ndi nkhondo ya Italiya ku Abisiniya, n'kusendeza kope kufupi ndi ine.